Funso Lachinayi la a Ndevu

Pulogalamu ya ku laibulale inafa Lachisanu m'mawa, atangoisamutsira pa seva yatsopano. Mkulu wa laibulale sanazungulire: ikapanda kudzuka pofika Lolemba, aitaya n'kugula ina.

Nachala, yemwe dzinali analipata chifukwa cholemba ndi zala ziwiri basi, anamva chisoni. Pulogalamuyi ndi yokhayo yomwe inatsala pa zonse zimene anapanga ku kaofesi kawo kakale, pamwamba pa sitolo ya matayala, kumene fani inkachita kumangidwa ndi waya. Kampani yawoyo inatha kalekale. Abwana awo, a Ndevu, anadwala sitiroko n'kupita kukakhala kwa mwana wawo, ndipo foni zinazilala monga zimachitira.

A Ndevu anali ovuta ngati nsapato yatsopano. Ukawapitira ndi vuto, ankakubweza mpaka uyankhe mafunso atatu: kompyuta yanena chiyani, ukugwiritsa ntchito chiyani, wayesa chiyani. Ukakhoza onsewo, ankaponya lachinayi: "Nanga wadya?" Ankati munthu wanjala amathyola zinthu.

Atasowa pogwira, Nachala anatsegula bwalo lakale la pa intaneti la opanga mapulogalamu, lomwe masiku ano kumangodutsa mphepo, n'kulemba:

"Pulogalamu ikukanika kulumikizana ndi database. Uthenga wake: SQLSTATE[HY000] [2054] The server requested authentication method unknown to the client. Ndili pa PHP 5.6, ndipo MySQL yachoka pa 5.7 kufika pa 8.0. Pasiwedi ndi yolondola, chifukwa pa seva pomwepo ndikulowa bwinobwino. Khomo la 3306 ndi lotsegula. Ndazimitsa n'kuyatsanso, koma olo kusintha."

Loweruka lonse kunali zii. Lamlungu masana, akuchapa makatani pofuna kuiwala, foni inalira. Wina anali atayankha, zilembo zonse zazing'ono.

"seva yatsopano ikufunsa pasiwedi m'njira ya caching_sha2_password, php yako ndi nkhalamba, siidziwa. isinthe pa seva kuti ikhale mysql_native_password, uchitenso chimodzimodzi pa akaunti ya pulogalamuyo, uyatsenso. kenako ukweze php, usachite ulesi. pepa kuchedwa, ndatsala ndi dzanja limodzi. tsopano ndine nachala kukuposa."

Nachala anakhala pansi thovu lili m'manja. Anapukutira pa diresi, n'kuchita zimene anauzidwa. Tsamba la laibulale linatseguka ndi mtundu wake wobiriwira uja, wonyansa, umene anakanganirana ndi a Ndevu mpaka kunyanyalitsana. Anaseka yekha: anali atawasowa kwambiri bambo amenewa.

Atabwerera pa bwalo kuti athokoze, anapeza kuti awonjezera mzere wina pansi.

"atatu aja wayankha bwino mwanawe. nanga wadya?"

Anayang'ana mbale yomwe inali pa tebulo chivundikirire kuyambira m'mawa. Kenako analemba ndi zala zake ziwiri zija, misozi ikugwera pa mabatani:

"Sindinadye, bwana. Ndiuzeni kumene mukukhala, tidzadyere limodzi."