Mluzu wa pa Chitunda

Mlungu wonse ndinkauza alamu, adalaivala athu, kuti minibasi ya amuna anga ikuliza mluzu pa chitunda, ikutulutsa utsi wabuluu, ndipo nyali ya injini yayaka.

"Tabo ya injini yatha, ndamva kugalaja," ndinatero.

"Iwe mayi a mwana, konza matewera," anandiseka. Anabweza kondakitala amene ndinamutuma kwa makanika, natenga makiyi kukanyamula akwati.

Sindinabwerezenso. Ndinabereka mwana, n'kukaima pa chitunda pomwepo.

Minibasi ija inafika ikulira ngati ambulansi, ikukwawa. Kenaka mphamvu zinatheratu, utsi wa oilo wopsa n'kukuta akwati onse.

"Mlamu, imbira makanika!" anakuwa alamu aja.

Ndinamwetulira. "Pepani alamu, ndikuthamangira matewera."