Pakona pa Filiji

"Amayi, kodi nsomba nazo zimamwa mafilizi?" anafunsa mwana tsiku lina, atakwinya mphuno.

Amake sanaseke. Filiji yomwe ankaumitsira mafilizi ogulitsa pasukulu inali yobwereka kwa mayi woyandikana naye nyumba, yolipira pamwezi. Ubwino wake, ikawonongeka ankakonzetsa ndi mwiniwake. Kuipa kwake, mwiniwakeyo ankabwera m'mawa uliwonse kudzasungamo nsomba zake zamalonda, amvekere: "Pakona pokha, asisi." Tsopano mafilizi ankanunkha nsomba, ndipo ana asukulu anali atayamba kugula kwina.

Amake mwana anaganiza sabata yathunthu, kenako anapita kukagogoda kwa mwini filiji uja.

"Asisi, ndapeza filiji yogula," ananama. "Yanu ija mudzatenge."

"Ndidzaiika pati ine? Kwanga kuno kulibe magetsi!"

"Ndiye mundigulitse yomweyo, ndizilipira pang'onopang'ono."

"Nanga nsomba zanga?"

"Ndizikubwereketsani pakona," anayankha amake mwana, nkhope ili gwa. "Pamwezi."

Mnzakeyo anaseka mpaka kugwirira chitseko.

"Inu ndinu mfiti! Chabwino, tengani. Koma ikafa, wokonzetsa ndinu."

"Ndavomera. Inunso nsomba zanuzo muziika m'ndowa yotseka, mwana wanga watopa n'kukwinya mphuno."

"Ndikulonjeza, asisi. Mwana wanuyo sadzakwinyanso mphuno."