Mchere wa Mayi Maness

Loji ya malemu a Bester ku Nathenje inali ndi makina otsukira mbale, ndipo amene ankawadziwa bwino anali mayi Maness. Mayi wamasiyeyu ankadyetsa ana anayi ndi ntchito ya kukhitchiniko.

Iwo ankakonda sopo waufa. Mbale zikachepa ankathira theka la supuni, zikachuluka yodzaza, n'kutseka chitini kuti ufawo usaumbike ndi chinyezi. Sopo wamadzimadzi anamuyesapo: ankasungunuka msanga, koma dzimbiri la tiyi linkatsalira m'makapu. Madzi a pamjigo wa lojiyo ndi aja osiya zoyera m'ketulo, choncho mayiwo sankaiwala kuthira mchere wa makina m'chibowo cha pansi, ndi mankhwala owalitsa pachitseko.

Kenako Yamikani, mwana wa malemuwo, anabwera kuchokera ku Joni ndi nsapato zosongoka ndi katoni ya matabuleti odula otsukira mbale.

"Umu muli zonse, mayi: sopo, mchere, zowalitsa," anatero Yamikani. "Zaufazi n'zachikale."

"Ngati makina ali kale ndi mchere ndi zowalitsa, ndiye kuti tikugula kawiri, bwana. Komanso tabuleti ndi yomweyo kaya mbale ndi zisanu kaya makumi anayi."

"Ndiye lekani kuthira mcherewo."

"Madzi athu ndi ovuta. Tabuleti payokha siwatha."

Munthu woti sanatsukepo ngakhale supuni anangoseka. Analamulanso kuti azitchera makina pa kutsuka kwachidule, poopa kuti magetsi angazime.

Patatha mwezi, mchere unatha m'makinamo. Matambula anayamba kutuluka otuwa ngati agwera m'phulusa, ndipo masiku ena tabuleti inkapezeka pansi, theka lokha litasungunuka. Tsiku lina pa msonkhano wa alimi a fodya, mlendo anakweza tambula m'mwamba n'kufunsa ngati pamalopo pali madzi. Yamikani anachita manyazi, ndipo manyaziwo anawagwetsera pa mayi Maness.

"Mwakalamba, maso sakuonanso. Mawa musabwere."

Chopweteka n'chakuti mayiwo sanakangane. Anavula epuloni, n'kuipinda. Asanatuluke anawayang'ana makina aja, amene anawasamala zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anawamvera chisoni. Anatenga paketi ya mchere imene inatsala m'kabati, n'kuikhuthulira m'chibowo muja, n'kubwezera kabatani pa kutsuka kwanthawi yaitali. Atatero anakakwera kabaza.

Patapita sabata ziwiri, Tiyanjane, woperekera zakudya palojipo, anawapeza pamsika wa Mitundu atayala timilu ta tomato. Mayi Maness anadzuka msanga, akupukuta manja pachitenje. Ankaganiza kuti watumidwa kudzawaitana.

"Matambula aja ali bwanji?" anafunsa.

Tiyanjane anayang'ana pansi.

"Akuwala, mayi. Chichokereni inu akuwala. Abwana akuuza aliyense kuti vuto munali inuyo."

Mayi Maness anakhalanso pansi, n'kuyamba kukonza mulu wa tomato umene unali wokonzakonza kale.