Mphete ya Mwala Wobiriwira

Tsiku limene Mayi Thibodeau anasiyira wantchito wawo Noemi tsamba la Instagram la sitolo yawo ya mphete mumzinda wa Halifax, anamupatsanso malamulo. Azilemba mwansangala koma mwaulemu. Za makasitomala asaulule. Chithunzi chilichonse chiziyamba chadutsa m'maso mwawo, ndipo akachivomereza, asachisinthe kapena kuchichotsa osawafunsa. Lamulo lalikulu linali lakuti mphete yofunsira mbeta isaonekere mwiniwake asanaivale.

"Ndimakudziwa iwe, mwanawe," anatero akuseka. "Ukangoona mphete, m'mutu mwako ukwati wayamba kale."

Sananame. Mphete ya kasitomala wina, Callum, inamulowa Noemi mumtima. Mwala wake wobiriwira unachokera pa mkanda wa malemu mayi ake a Tamsin, bwenzi la Callum, ndipo mnyamatayo anachita kukaupempha mobisa kwa bambo a mtsikanayo. Callum anati adzafunsira Lachisanu. Noemi anajambula mpheteyo, abwana anavomereza, iye n'kutchera kuti chithunzi chidzatuluke chokha Loweruka masana.

Lowerukalo, Gaétan wosula mphete anasuzumira pa foni ya Noemi, nkhope n'kugwa.

"Iwe namaloto, watani? Mnyamata uja anaimbira abwana kuti zofunsira zija wayamba waziimika kaye. Sanakuuze?"

Noemi anatsegula tsambalo msanga. Chithunzi chinali chitatuluka kale, anthu akuchiyamikira. Anaimbira Mayi Thibodeau, koma foni inali yozima. Anali kuchipatala, ku opaleshoni ya diso.

"Ukachikhudza popanda chilolezo, tsambali akulanda," anatero Gaétan.

"Nanga Tamsin akachiona? Amatsatira tsamba lathu!"

"Ine ndimasula golide, achemwali. Zinazi n'zanu."

Noemi sanachifufute. Anachibisa kuti anthu asachionenso koma abwana adzathe kuchibwezeretsa, kenako anawalembera uthenga wofotokoza zonse. Asanapume n'komwe, uthenga wamseri unalowa. Unali wa Tamsin.

"Mwala uja ndi wa amayi anga, ndaudziwa. Mwachotseranji chithunzi? Kodi wasintha maganizo? Chonde ndiuzeni, ndinu mkazi mnzanga."

Zala za Noemi zinalemba zokha kuti amakukondani, musaope. Anawayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Kodi iye ankadziwa chiyani za mtima wa Callum? Anawafufuta, n'kulemba yankho limene anaphunzitsidwa: "Zikomo potilembera. Pepani, za makasitomala athu sitingathe kunenapo kanthu."

Foni inangosonyeza kuti Tamsin wawerenga.

Lolemba Mayi Thibodeau anabwera ataphimba diso limodzi, namvetsera zonse ali chiimire.

"Tsamba ukhala nalobe. Wolakwa ndine, sindinakuuze. Kuyambira lero, chithunzi cha mphete yotere osachitchereratu. Chizidikira mpaka kasitomala atiuze yekha kuti zatheka."

"Nanga Tamsin?"

Mayi Thibodeau anakonza bandeji ya padiso.

"Callum waimba m'mawa uno. Akufunsa ngati mwala uja tingaubwezeretse pa mkanda."