Zithunzi za Mkono wa Tiza

Webster ankakonza mafoni pa msika wa Lilanda, ndipo foni yakeyo ankaikhulupirira kuposa maso ake. Choncho mkazi wake Tiza atatuluka zotupa m'mikono ndi pachifuwa, iye sanaone chifukwa chokaimira pamzere wa ku kiliniki ya ku Matero. Ba Nsama, nesi wa kumeneko, ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo nambala yawo anali nayo.

Tiza anasamba kaye, nadzola mafuta, chifukwa munthu sajambulidwa ali mbuu. Nkhope anakana kuijambulitsa. Milomo yake inali itatupa ndi kung'ambika, ndipo sanafune kuti anthu a kutchalitchi amuone choncho. Anatambasula mkono wokha pafupi ndi zenera. Foni ya Webster inali ya mtundu uja wosalaza khungu yokha, ndipo inagwira ntchito yake mokhulupirika. Chithunzi chimodzi anatumiza kwa ba Nsama, china ku gulu la achibale kuti apemphere.

Ba Nsama anaimba ali pa nthawi ya tiyi.

"Ba Webster, mkono naona. Ni wabwino kupambana wanga. Mubwere nawo pamodzi na mwine wake."

"Nitumize ina, ba sista? Iyi kamera ni yamphamvu."

"Kamera siuza ngati thupi yapya. Vinayamba liti? Vinayambira pati? Vinyereza kapena vibaba?"

"Vinyereza chabe," anatero Webster, osafunsa mwini khungu.

"Alikumwa mankhwala aliyonse?"

"Kulibe. Nikanadziwa."

"Muwabweretse lero. Osati mailo."

Webster anajambulanso, tsopano ndi kuwala kwa foni, ndipo zotupa zinatheratu m'chithunzimo. Ba Nsama sanayankhe ndi mawu ambiri. Analemba kuti, "Nili kuyembekeza." Tiza, yemwe anali atakhala pa mpando, anati madzi akumupweteka pomeza. Apo mpamene Webster anapita kukafuna takisi.

Ku kiliniki mzere unali wautali monga ankaopera. Mayi wina wobereka mwana anayang'ana Tiza, nasendera pa benchi, kenako anamuitanira nesi wa pakhomo. Tiza sanadikire pamzere.

Ba Nsama anayamba ndi zonse zimene chithunzi chinasiya. Anamuyeza kutentha, napeza thupi lili moto. Anamuyang'ana m'maso, momwe munali mofiira, ndi m'kamwa, momwe munali zilonda. Atavala magolovesi anadina chotupa chimodzi ndi chala kuti aone ngati chizimirira, nasisita khungu pang'ono. Tiza anakoka mkono ndi ululu.

"Vibaba?"

"Maningi. Monga napya na madzi."

"Ba Webster anati vinyereza."

"Ba Webster sanafunse."

Webster anayang'ana denga. Ba Nsama anamutuma kukagula madzi akumwa, ngakhale botolo linali pa tebulo pomwepo. Chitseko chitatsekeka anafunsa Tiza mofatsa ngati pali wina kunyumba amene ali nazo, ngati anasintha sopo, ngati anadzola china kupatula mafuta. Kenako anabwerera ku mankhwala.

Tiza anatsegula kachikwama natulutsa kapepala ka mapiritsi oyera. Sabata yathayo ankamva kuwawa pokodza. Anachita manyazi kuuza mwamuna wake, ndiye mnzake wogulitsa naye salaula, zovala za kaunjika, anamupatsa otsala ake. Piritsi lomaliza anali atamwa m'mawa womwewo, poganiza kuti mwina athandizanso zotupazo.

Ba Nsama anawerenga dzina pa kapepalako. Anali mankhwala a mtundu wa salfa, amene matupi ena amawakana koopsa, mpaka khungu kusupuka. Anakasunga m'thumba loti lipite ndi wodwala.

"Aya simuzamwanso, olo limodzi, moyo wanu wonse. Kulikonse kwamene muzayenda, muziwauza. Manje muyenda ku chipatala chikulu, muzagona kwamene kuja."

"Nanga sembe tinachedwa?"

"Mwabwera," anatero ba Nsama, namukonzera chitenje paphewa.

Webster atabwerera ndi madzi anauzidwa kuti thupi la mkazi wake lakana mankhwala ena. Za chimene anawamwera, ba Nsama anasiyira mwini wake. Webster anafunsa motsitsa mawu ngati zithunzi zija zingathandize madokotala.

"Muwaonetse ngati afunsa mwamene vinalili poyamba. Koma muwauze kuti foni yanu ili na chifundo."

Madzulo a tsikulo Tiza anali pa bedi ku chipatala chachikulu, diripi ili pa mkono womwe uja. Dokotala anati afika khungu lisanayambe kusupuka, ndipo Webster anaweramitsa mutu napemphera mwachidule, mawu osamveka. Kenako ananyowetsa kansalu nkumamupukuta milomo pang'onopang'ono, monga anamuonetsera nesi.

Foni inalira m'thumba. Unali uthenga wa azakhali ake a ku Kaunda Square, amene anali atangoona chithunzi cha m'mawa chija pa gulu la achibale. Analemba kuti Mulungu alemekezeke poti mpongozi wachira, ndipo anafunsa dzina la mafuta amene Tiza amadzola.