Zala Zitatu Pansi pa Mkono wa Telala

Atcheya a kalabu ya ojambula zithunzi anali munthu woti akati “ndingonena mwachidule”, anthu ankakhazikika bwino pampando. Loweruka limenelo anaima kutsogolo m’chipinda cha pamwamba pa laibulale, nayamba kufotokoza malamulo a mpikisano wa chaka chino.

“Kudula m’mbali, dulani,” anatero. “Kuwalitsa, kudetsa, kukonza mtundu ngati babu yakupatsani chikasu, kusandutsa chakuda ndi choyera, zonsezo chitani. Fumbi la pa sensa ya m’kamera chotsani. Mudzalidziwa chifukwa limakhala malo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse. Koma chinthu chimene chinali patsogolo pa kamera musafufute, ndipo chimene panalibe musaikepo, kaya ndi manja anu kaya ndi mapulogalamu ongodina awa.”

“Nanga thambo, Atcheya?” anafunsa membala wina, Dalaivala.

“Makamaka inuyo. Chaka chatha mitambo imodzimodzi inaoneka pa zithunzi zanu zitatu. Inkakutsatirani ngati galu?”

Anthu anafa nazo. Wasaluni, mayi wokonza tsitsi yemwe anakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, anaseka nawo koma mkamwa mokha.

Zaka zinayi ali m’kalabuyi, dzina lake silinatchulidwepo pa opambana. Chaka chino anali ndi chithunzi chimene ankachidalira ndi mtima wonse: bambo ake, telala wazaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, akulowetsa ulusi pa singano, kuwala kwa pakhomo kutagwa pa zala zawo. Vuto linali laling’ono. Pansi pa mkono wa bambowo panali patatulukira zala zitatu za munthu wina, ndipo iye anazifufuta bwinobwino. Munthu amene tsiku lonse amathana ndi titsitsi totulukira pamzere sakanatha kuzisiya.

Zalazo zinali za akazi a bambo ake. Mayi omupeza amenewa analowa m’nyumbamo zaka zisanu zapitazo, ndipo Wasaluni ankawapatsa moni wokwanira basi. Sanali oipa, ayi. Kungoti paliponse pamene pali bambo, iwo anali pomwepo, mpaka m’chithunzi cha eni ake.

“Chomaliza,” Atcheya anapitiriza. “Pofika Lachisanu aliyense abwere ndi fayilo yoyambirira, mmene inatulukira m’kamera. A mafoni, musanditumizire pa mauthenga, imafika yofinyidwa, zambiri zake zitachoka. Mubwerenso ndi zithunzi ziwiri za m’mbuyo mwake ndi ziwiri za patsogolo. Sindikufuna kugwira mbava. Ndikungofuna kuti munthu akaima patsogolo pa chithunzi chanu n’kunena kuti ‘zinalidi chonchi’, asakhale atanamizidwa.”

Anthu atayamba kupinda mipando, Wasaluni anapita kutsogolo ndi kompyuta yake.

“Atcheya, nanga ngati chochotsedwacho n’chopanda ntchito?”

“Tiyeni tione.”

Atcheya anakweza magalasi pamphumi, nayang’ana chithunzicho kwa nthawi yaitali ndithu.

“Chithunzi ichi n’chabwino, mayi. Ndikunena zoona. Koma malaya awa abonyoka apa pansi pa mkono, ngati pali chowakanikiza, pamene chowakanikizacho palibe. Panali chiyani?”

“Zala za munthu. Anangolowerera.”

“Ankatani?”

Wasaluni anayang’ananso pansi pa mkonopo. Chichotsereni zalazo, funso limenelo linali lisanamubwerere.

“Zibwezereni kapena musankhe china,” anatero Atcheya. “Kudula sikutheka, zili pakati penipeni. Mungadule ndi dzanja la bambo lomwe.”

Anatsika masitepe atakwiya. Chithunzi chake chimodzi chokha chabwino, chiwonongeke chifukwa cha mayi amene aja? Komabe atakhala mu saluni yake masana, kasitomala ali m’chowumitsira tsitsi, funso la Atcheya linkamuyabwa. Ankatani? Anatulutsa khadi ya kamera, nayamba kuyang’ana zithunzi zoyandikana nacho zimene malamulo ankafuna.

Tsiku lija anajambula khumi ndi ziwiri motsatizana. M’shopu munali mdima pang’ono, choncho anachepetsa liwiro la shata, chitseko cha diso la kamera, kuti kuwala kulowe kokwanira, ndipo pa liwiro lotero chilichonse choyenda chimatuluka chopakika. Chithunzi choyamba, nkhope ya bambo inali yakuthwa, koma dzanja logwira ulusi linali mbuu. Chachiwiri, chimodzimodzi. Anali atazinyalanyaza zimenezi poganiza kuti kamera inagwedera m’manja mwake. Tsopano anadabwa. Kamera ikagwedera, zonse zimapakika, nanga bwanji makina osokera, tepi ya m’khosi ndi tsitsi la imvi zinali zakuthwa?

Anakulitsa chimodzichimodzi, chidwi chikukulirakulira. Pa chisanu ndi chitatu, m’mphepete munaonekera nsonga ya zala. Pa chisanu ndi chinayi, chake chija, zala zitatu zinali pansi pa mkono, ndipo dzanja la bambo linali losagwedera, ulusi uli pakamwa pa singano. Pa chakhumi zalazo zinali zitachoka, dzanja n’kubwerera mbuu.

“Asisi, ndikupsatu kuno!” anakuwa kasitomala.

Lolemba m’mawa sanatsegule saluni. Anapita ku shopu ya bambo ake, napeza atatuluka kukayesa munthu jekete. Mayi omupeza anali pa tebulo, akusita kolala. Anamulandira mwaulemu wa masiku onse ndi kumuchotsera nsalu pampando.

Wasaluni anatsegula kompyuta osalankhula zambiri, nawaonetsa chachisanu ndi chitatu, chachisanu ndi chinayi ndi chakhumi. Mayiwo anaimika simbi, napukuta manja, naweramira pafupi.

“Ii, zala zangazo zinalowa? Pepanitu, mwanangu. Ndimayesetsa kuti zisaoneke.”

“Dzanja la bambo limanjenjemera?”

Mayiwo anayang’ana kukhomo kaye.

“Likagwira zinthu zing’onozing’ono. Pa makina amasoka bwinobwino, nsalu amaiyendetsa ngati kale. Koma ulusi ndi mabatani, ndimaika zala pansi, iwo n’kulowetsa okha. Sitikambirana. Ndimangoona kuti nthawi yakwana.”

“Kuchipatala anapita?”

“Timapita. Mankhwala akumwa.”

Liwu loti “timapita” linamulasa. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anabwera ndi kamkwiyo, poti munthu akagwidwa amafuna wina womukalipira.

“Bwanji osandiuza? Ndine mwana wawo ine.”

“Anandiletsa. Amati inu mumawanyadira, mumauza anthu kuti bambo anga mpaka pano singano amalowetsa kamodzi n’kamodzi. Ndiye mukabwera ndi kamera amasangalala, koma amachita mantha.” Anatenganso simbi, kenaka anaibwezera pansi. “Zichotseni zalazo, mwanangu. Si mumatha pa kompyutapo? Adzakondwa kudziona ali okha.”

“Ndinazichotsa kale. Malamulo akukana.”

“Ndiye sichilowa mpikisano?”

“Chikhoza kulowa, koma ndi zala zanu. Chidzapachikidwa pakhoma, anthu adzaona.”

Mayiwo anayang’ananso chithunzicho, mutu atapendeketsa.

“Zimenezo mufunse eni ake dzanja. Ine zala zanga sindizikana.”

Panja panamveka kukhosomola kodziwika. Wasaluni anaona bambo ake akuwoloka msewu, jekete ili paphewa, dzanja lamanja lili m’thumba. Anayesa kukumbuka tsiku lomaliza limene anawaona akuyenda dzanjalo lili panja, koma sanalipeze.

“Zinayamba liti?” anafunsa mwachangu, motsitsa mawu.

“Chaka chino n’chachitatu,” anayankha mayiwo. “Lamlungu lililonse mumadya nafe. Simunaone kuti tiyi wawo ndimathira theka la kapu?”