Mizere Inayi ya pa CV ya Mirriam

Mirriam Chadza anali atagwira ntchito zaka zitatu pa ofesi ya bungwe lina la alimi a mtedza ku Chisepo. Pulinta ikakana, ankaitana iyeyo. Munthu akaiwala pasiwedi, ndi Mirriam yemweyo. Dandaulo lililonse ankalilemba ngati tikiti pa kompyuta, n'kulitseka vutolo likatha.

Kampani ina ya ku Lilongwe italengeza kuti ikufuna woyang'anira chitetezo cha makompyuta, Mirriam ananyamula CV yake ulendo wa ku Chezi. Kumeneko kunali a Stephano, amene anamuphunzitsa ntchito atangochoka ku koleji, ndipo masiku amenewo anali atabwera kumudzi kudzakolola. Anapukuta manja, n'kuwerenga mizere inayi yofotokoza ntchito yake: kuthandiza oiwala pasiwedi, kuyankha mafunso a ogwira ntchito, kukonza malaputopu, kutseka maakaunti.

"Izi n'zimene anakulembera kuti uzichita," anatero a Stephano. "Nanga zimene iwe unasintha zili kuti?"

Mirriam anaganiza kaye. Kenako anafotokoza kuti imelo ya kalaliki wina itabedwa, iye ananyengerera anthu kuti polowa asamadalire pasiwedi yokha, koma azilembanso nambala yobwera pa foni. A Stephano anafunsa kuti anavomera ndi angati, iye n'kuyankha kuti pafupifupi onse. Iwo anapukusa mutu. Anamuuza kuti mzere uliwonse uyambe ndi chimene anachita, utchule kuchuluka kwake, nthawi imene zinatenga, ndi chimene chinasintha. Koma nambala iliyonse ichokere m'zolemba za ku ofesi, chifukwa ofunsa mafunso adzafuna kudziwa kumene anaitenga.

Lolemba Mirriam anayamba kufukula matikiti akale. Mzere wa mapasiwedi unasanduka wakuti: "Ndinalowetsa ogwira ntchito 41 mwa 44 pa njira yotsimikizira kawiri m'miyezi iwiri." Pa mzere wachiwiri analemba za imelo yabodza imene anatumiza mwadala, abwana atavomereza, poyesa anzakewo: poyamba anakodwa 18, koma atawaphunzitsa anakodwa asanu okha. Wachitatu unanena kuti malaputopu 30 ankalandira mapulogalamu otseka mipata yolowera akuba pasanathe masiku 14, pomwe kale zinkatenga miyezi itatu. Anawerenganso mizereyo n'kudabwa kuti zonsezi anazichita ndi iyeyo.

Wachinayi anaulemba mosakayika: anatseka maakaunti onse a anthu osiya ntchito tsiku lomwelo. Koma pofuna nambala, anakapempha mndandanda wa osiyawo. Analipo 23. Matikiti ake anaonetsa 22.

Wotsalayo anali a Danieli, mlangizi amene anasiya ntchito miyezi isanu ndi itatu yapitayo, Mirriam ali pa tchuthi. Palibe amene analemba tikiti. Akaunti yawo inali yotsegulabe, ndipo nayo munthu akanatha kuona mayina ndi manambala a foni a alimi onse. Anatsegula kaundula wosonyeza olowa, n'kupeza kuti chichokereni a Danieli palibe analowamo. Anaitseka pomwepo.

Tsopano onse 23 anali otsekedwa, ndipo akanalemba choncho palibe akanadziwa. Koma mawu akuti "tsiku lomwelo" sanalinso oona. Anadzuka n'kukagogoda kwa a Lidia, abwana ake, n'kuwauza zonse. A Lidia sanakalipe. Anangofunsa kuti achite chiyani kuti zisadzachitikenso, ndipo anagwirizana kuti mwezi uliwonse Mirriam aziyerekeza maakaunti ndi mndandanda wa ogwira ntchito.

Pa nthawi yopuma anaimbira a Stephano, n'kuwauza kuti mzerewo angouchotsa.

"Usauchotse. Lemba zimene zachitika," anatero iwo.

"Koma ziwoneka ngati ndinalephera."

"Anaipeza ndani akauntiyo?"

Mirriam atadula foni analemba kuti: "Ndinatseka maakaunti 22 mwa 23 tsiku lomwe eni ake anasiya ntchito, nditafufuza ndinapeza yotsalayo, ndinaitseka, n'kuyambitsa kawuniwuni wa mwezi ndi mwezi."

Ku Lilongwe, ofunsa mafunso anali atatu. Mizere itatu yoyamba anangoidutsa, koma pa wachinayi anachedwapo. Mayi wina anafuna kudziwa mmene anatsimikizira kuti palibe analowa m'akauntiyo, komanso kuti iye anayamba kuuza ndani. Mirriam anayankha mosavutika, poti zonse anazichita ndi manja ake.

Foni yomuuza kuti kampani ija yamutenga inabwera patatha milungu itatu, iye akuchotsa pepala lotsamwa mu pulinta. Anathokoza mwaulemu, n'kumaliza kaye ntchitoyo. Tsiku lake lomaliza ku Chisepo analemba yekha tikiti yotsekera akaunti yake, n'kuimirira pambali mpaka amene analowa m'malo mwake ataitseka.